DZINA LIYAMBE, CHALA CHIDZE PAMBUYO

Inu a ku Zemba ndi midzi yonse ya m'boma la Chadiza mudziwa bwino kuti malire a dziko sanathetse chibale. Tsidya lija, m'chigawo cha Tete ku Mozambiki, kuli atsibweni athu, kuli ana athu a pa nchito, kuli ndi anzathu amene timagulana nao mbuzi, chimanga ndi nsawa. Mwezi wa Ogasiti timakumana nao ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ndipo chaka chonse magalimoto amadutsa pa Chanida kulowa ku Cassacatiza. Pamene pali chibale ndi malonda, ndalama siilephera kuyenda.

Kale ndalama inkayenda m'thumba la munthu. Lero imayenda m'foni, ndipo kawirikawiri foni imene itumiza ili ndi simu ya tsidya lija ndi apu ya kumeneko, ndiko kunena kachipangizo ka m'foni kotumizira ndalama. Ena ali ndi M-Pesa ya Vodacom imene inayamba ku Mozambiki m'chaka cha 2013, ena e-Mola ya Movitel, ena mKesh ya Tmcel, ndipo ena ali ndi apu ya banki monga Millennium bim kapena BCI. Zonsezi zimalankhula Chipwitikizi. Ife ambiri tinaphunzira Chinyanja ndi Chingerezi pang'ono. Tikaona mau achilendo timangodina pamene pali powala kuti nkhani ithe. Sabata ino tikambirane za tsamba limodzi lokha, lija limene limabwera kotsiriza, foni isanapemphe nambala yanu yachinsinsi.

Tsamba limeneli lili ngati pa mlatho. Musanaoloke mungathe kubwerera kwanu popanda kutaya ngwee ndi imodzi yomwe. Mukaoloka, ndalama sikhalanso yanu. Yalowa m'dzina la munthu wina, ndipo kuibweza kumafuna kupempha. Akulu anati madzi akataika saoleka. Chifukwa chake tsambali liyenera kuwerengedwa lonse, mzere ndi mzere, angakhale basi ikulira pamseu.

Ma apu amasiyana maonekedwe, koma mau amene amagwiritsa nchito ndi owerengeka, ndipo munthu angawasunge pamtima monga asungira maina a ng'ombe zake. Mau onena za munthu wolandira ndi Destinatário kapena Beneficiário. Kumene ndalama ikuchokera amalemba De kapena Conta de origem, ndipo kumene ikupita amalemba Para kapena Conta de destino. Kuchuluka kwa ndalama ndi Montante kapena Valor. Malipiro otumizira ndi Comissão kapena Taxa. Pansi pali mabatani: Confirmar ndiko kuvomera, Cancelar ndiko kuleka, Voltar ndiko kubwerera m'mbuyo. Taonani kuti Confirmar ndi Cancelar onse ayamba ndi C ndi kutha ndi ar. Munthu wa maso otopa angathe kuwasokoneza. Kumbukirani kuti wokhala ndi f pakati ndiye wotulutsa ndalama.

Tsono tiyerekeze nkhani yotere. Bambo wina wa ku Zemba wagula mbuzi kwa mnzake wa tsidya lija, ndipo agwirizana mtengo wa mametikali 4,500. Mwana wa bamboyo amagwira nchito ku Tete, wabwera kudzaona makolo, ndipo m'foni mwake muli ndalama za kumeneko. Mwini mbuzi anachula nambala yake pa lamya, bamboyo nailemba kuseri kwa pepala la feteleza. Mwana walowetsa nambala, walowetsa ndalama, ndipo pa galasi la foni pabwera zotere, zimene taziika pano monga chitsanzo chabe:

```
Destinatário: MARIA C****
Número: 84 *** 4671
Montante: 45,00 MT
Comissão: 3,00 MT
Cancelar      Confirmar
```

Mnyamata wofulumira adzangoona kuti nambala yayamba ndi 84 monga ya pa pepala, ndi kuti pali 4 ndi 5, nadina Confirmar. Koma pa tsamba ili pali zolakwa ziwiri, ndipo zonse zili poyera.

Choyamba ndi dzina. Wogulitsa mbuzi ndi mwamuna, amene kumudzi amamuchula Yohane. Pa galasi patuluka Maria. Pano ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa mtima umafulumira kupeza chodzikhululukira. Bamboyo anena kuti, "Kapena ndi mkazi wake." Mwana ayankha kuti, "Inde atate, kumene kuja ambiri amalembetsa simu m'dzina la wachibale." Zonsezi zingakhale zoona, koma kapena si umboni. Safunsa anadya phula. Choyenera ndi kudina Cancelar, kuimbira mwini mbuzi, ndi kumufunsa funso limodzi: "Kodi simu yanu inalembetsedwa m'dzina la yani?" Musamuchulire dzina limene mwaona kuti iye angovomera, mulekeni alichule yekha.

M'nkhani yathuyi mwini mbuzi ayankha kuti simuyo ili m'dzina la mkulu wake, José, ndipo Maria samudziwa konse. Atumiza nambala yake mwa uthenga wolembedwa, ndipo papezeka kuti imatha ndi 4617, osati 4671. Manambala awiri otsiriza anasinthana malo pamene bamboyo ankalemba. Maria uja ndi munthu weniweni, wosalakwa, wokhala kapena ku Beira kapena ku Nampula, amene akadadzuka ndi ndalama ya mbuzi ya eni ake.

Nkoyenera kumvetsa chifukwa chake makina sanakane nambala yolakwikayo. Nambala ya foni ya ku Mozambiki ili ndi manambala 9. Awiri oyamba amasonyeza kampani: 84 ndi 85 ndi Vodacom, 86 ndi 87 ndi Movitel, 82 ndi 83 ndi Tmcel. Otsalawo alibe mlonda. Mukasintha imodzi, kawirikawiri mumangogwera pa nambala ya munthu wina, pakuti anthu okhala ndi foni ndi ochuluka zedi. Makina sadziwa za mbuzi, sadziwa Yohane. Amatsata nambala basi. Chokhacho chimene angakuchitireni ndi kukuonetsani dzina la mwini nambalayo, kuti inu muweruze. Mukapanda kuwerenga dzinalo, mwachotsa mlonda yekhayo amene munali naye.

Za maina a tsidya lija pali china choti tidziwe, kuti tingakane munthu woyenera. M'makalata a boma la kumeneko maina ambiri analembedwa mwa Chipwitikizi. Amene timamuti Yohane angatuluke João, Yosefe atuluka José, Petulo atuluka Pedro, Paulo akhala Paulo yemweyo. Mfunda kapena dzina la atate nalo lingalembedwe mosiyana ndi m'mene tizolowera kuno. Ndiponso munthu amene mudzi wonse umamudziwa ndi dzina la mwana wake angakhale ndi dzina lina la ubatizo limene simunalimvepo. Chotero dzina lofunika si limene mumamuitanira pa moŵa kapena pa maliro ai, koma limene lili pa chitupa chimene analembetsera simu. Limenelo mulifunse pa tsiku lomwe mugwirizana mtengo, ndipo lilembedwe pamodzi ndi nambala.

Cholakwa chachiwiri chili pa mzere wa Montante. Ife kuno tikafuna kulemba zikwi zinai ndi mazana asanu timalemba K4,500.00: kadontho kamchira kamagawa zikwi, kadontho wamba kamagawa ngwee. Apwitikizi amachita mosemphana. Kwa iwo kadontho kamchira ndiko kamagawa masentavo, amene ali ngati ngwee zathu, ndipo zikwi amazigawa ndi kadontho wamba kapena ndi kampata. Motero mtengo wa mbuzi ija uyenera kuoneka 4.500,00 MT kapena 4 500,00 MT. Zimene zinatuluka pa galasi, 45,00 MT, ndi mametikali 45 okha. Zinatero chifukwa ma apu ena amayamba kudzaza malo a masentavo: mukalemba 4500 iwo amaika 45,00, ndipo muyenera kuonjeza maziro awiri. Kulakwa kumeneku kungapitenso mbali ina. Munthu wozolowera kuonjeza maziro awiri akafika pa apu yosafuna zimenezo, adzalemba 450000, ndipo ngati m'akaunti muli ndalama zokwanira ndi malire a katumizidwe alola, angatumize zochuluka kakhumi kakhumi.

Njira yake ndi yapafupi. Phimbani ndi chala manambala awiri otsiriza pamodzi ndi kadontho kao, ndipo werengani zotsala. Pa 4.500,00 patsala 4.500, ndiwo mametikali zikwi zinai ndi mazana asanu. Pa 45,00 patsala 45. Kenaka yang'anani zilembo za pambali pake. MT kapena MZN ndi metikali. K kapena ZMW ndi kwacha yathu. MK kapena MWK ndi kwacha ya ku Malawi, imene ifanana ndi yathu dzina lokha, mphamvu zake nzosiyana kutali. Kumbukiraninso kuti Mozambiki anachotsa maziro atatu pa ndalama yake m'chaka cha 2006, ndipo ife tinachita chimodzimodzi mu 2013. Akuluakulu ena mbali zonse ziwiri akali kuwerenga mwa kale pakamwa. Mtengo wonenedwa pakamwa ulembedwe m'manambala, onse awiri auone.

Mzere wa Comissão nawo uli ndi nchito. Uonetsa zimene kampani idzadula chifukwa chokutumikirani. Ngati malipirowo akwera kuposa masiku onse, imani mufunse chifukwa. Nthawi zina chimenecho ndi chizindikiro chakuti ndalama ikutuluka kupita ku kampani ina. Kuyambira m'chaka cha 2022, M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zimatha kutumizirana ndalama. Ichi nchabwino, koma chitanthauzanso kuti kulemba 86 m'malo mwa 84 sikudzakanidwa nthawi zonse. Ndiponso gwirizanani kuti adzalipira ndani zodula za potapa, pakuti wolandira akapita kwa ajenti kukatenga ndalama m'manja, nayenso adzadulidwa, ndipo abale ambiri ayambana chifukwa cha mametikali ochepa otere.

Tibwerere kwa bambo wa ku Zemba uja. Mwana walowetsanso nambala yotha ndi 4617, kuikopera kuchokera pa uthenga. Tsopano patuluka JOSÉ, dzina limene mwini mbuzi anachula yekha. Popeza ndi ulendo woyamba kutumiza ku nambala imeneyi, ayamba ndi mametikali 50. Mwini mbuzi aimba lamya nati afika. Pamenepo atumiza otsala, 4.450,00 MT, atawerenganso dzina kachiwiri, pakuti ulendo uli wonse ndi watsopano. Nzoona kuti kutumiza kawiri kungadyetse malipiro kawiri. Koma yerekezani malipirowo ndi mtengo wa mbuzi, ndipo muona chimene chili chopepuka.

Tsopano tinene za kutumiza ku akaunti ya banki, chifukwa kumeneko msampha ndi wina. Ku Mozambiki akaunti ya banki imadziwika ndi nambala yaitali yochedwa NIB, imene ili ndi manambala 21: anai oyamba ndi a banki, anai otsatira ndi a nthambi, 11 ndi a akaunti, ndipo awiri otsiriza ndi alonda. Alonda awiriwa amawerengeredwa kuchokera ku manambala enawo, kotero kuti mukalakwitsa nambala imodzi kapena kusinthanitsa ziwiri zoyandikana, apu imakana, ndi kulemba mau monga NIB inválido. Mukaona mau amenewa musakwiye. Mlonda wagwira nchito yake. Musayese kusintha manambala mwa kungoganiza mpaka ivomere. Pemphani mwini akaunti akutumizireni chithunzi cha pepala la ku banki.

Koma alonda amenewa ali ndi malire ao. Amagwira nambala yolembedwa molakwika. Sagwira nambala yolondola ya munthu wolakwika. Ngati m'foni muli ma NIB awiri, la sukulu ndi la wogulitsa malata, ndipo mwasankha losayenera pa mndandanda wa anthu osungidwa, makina adzavomera mokondwa. Ngati wakuba wakutumizirani NIB lake nadzichula kuti ndi mwana wanu, makina adzavomeranso.

Ndipo pano pali chinthu chimene anthu ochepa amachizindikira. Pa ma apu ena a banki, dzina limene limaoneka pa tsamba lotsiriza ndi lomwe inu munalemba nokha m'bokosi la Beneficiário. Apu imangokubwezerani mau anu ngati phanga lobweza liu. Dzina lotero si mboni. Mungazindikire bwanji? Dzifunseni kuti, "Kodi dzina ili ndinalilemba ndine, kapena labwera lokha nditangoika nambala?" Ngati labwera lokha, ndipo si lija munasungira munthuyo m'buku la maina la foni yanu, ndiye kuti lachokera ku kaundula wa kampani, ndipo mungalikhulupirire. Dzina la m'kaundula limakhala lathunthu ngati la pa chitupa, nthawi zina litabisidwa zilembo zina ndi tinyenyezi. Koma ngati patuluka "Malume a ku Tete", dziwani kuti foni ikungobwereza zanu. Zikatero, chitetezo chanu chatsala pa nambala yokha, ndipo muiwerenge anthu awiri: mmodzi agwire pepala, wina agwire foni, ndipo muyambire kumapeto kubwerera kumayambiriro. Diso likawerenga cham'tsogolo limaona zimene likuyembekeza kuona. Likawerenga cham'mbuyo limakakamizika kuona zimene zilipodi.

Chifukwa china chimene nambala siyenera kuchulidwa pakamwa pokha ndi malirime athu. Kuno timawerenga manambala m'Chingerezi, kumene 15 ndi 50 zimamveka mofanana pa lamya yophokosera. Tsidya lija amawerenga m'Chipwitikizi, kumene 60 ndi 70 zimasiyana pang'ono chabe m'khutu. Uthenga wolembedwa ulibe vuto limeneli. Ndipo posunga nambala m'foni, yambani ndi chizindikiro cha dziko: +258 ya Mozambiki, +260 ya Zambia, +265 ya Malawi. M'maiko atatuwa nambala ya foni ili ndi manambala 9 pambuyo pa chizindikirocho, kotero kutalika kwake sikungakuuzeni dziko lake.

Mutadina Confirmar ndi kuika PIN, nchito siinathe. Dikirani mau a yankho. Sucesso ndiye kuti zatheka. Pendente ndiye kuti zikali m'njira. Falhou kapena Erro ndiye kuti zalephereka. Saldo insuficiente ndiye kuti ndalama za m'akaunti nzosakwana. Kufupi ndi malire netiweki imagwa kawirikawiri, ndipo foni ingaime chabe osanena kanthu. Musafulumire kutumizanso. Yambani mwaona Saldo, ndiyo ndalama yotsala, kapena Movimentos, ndiwo mndandanda wa zimene zalowa ndi kutuluka. Ngati ndalama yachoka, yapita. Kutumizanso ndiko kulipira mbuzi imodzi kawiri. Sungani Comprovativo, ndiyo risiti, ndipo lembani m'buku nambala ya Referência, tsiku ndi nthawi. Foni imataika, buku limakhala.

Nanga ngati zalakwika kale? Liwiro limene tinaliletsa poyamba paja, pano ndi pamene lifunika. Mwini simu kapena mwini akaunti aimbire kampaniyo nthawi yomweyo, pa nambala imene ili pa khadi la simu kapena la banki kapena m'apu momwemo, osati imene wakupatsani munthu wa pamseu. Anene nambala ya Referência, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, nambala imene inalandira ndi imene inayenera kulandira. Amene sadziwa Chipwitikizi akhale ndi womasulira pambali. Ndalama ikakhala ikali m'akaunti ya wolandira, chiyembekezo chilipo; ikatapidwa, nkhani imatalika, ndipo imadalira mtima wa munthuyo kapena milandu. Dziwaninso kuti makampani a tsidya lija amayang'aniridwa ndi Banco de Moçambique, osati Banki Yaikulu ya Zambia. Ajenti wa Airtel kapena MTN wa pa Chadiza boma alibe mphamvu pa ndalama yotumizidwa ndi M-Pesa kapena e-Mola.

Ndipo ngati ndinu amene mwalandira uthenga wakuti, "Ndatumiza ndalama kwa inu molakwika, bwezani," musabweze musanaone Saldo ndi maso anu, pakuti akuba amalemba mauthenga ofanana ndi a kampani. Ngati ndalama yalowadi, si yanu, musaidye. Uzani kampani kuti ndiyo iibweze kumene inachokera, osati ku nambala ina imene woimbayo achula.

Mau omaliza apite kwa inu achinyamata amene mumagwirira makolo foni. Ndalama ndi ya atate kapena amai anu, ndipo ali ndi ufulu womva zimene zalembedwa, angakhale sadziwa kuwerenga. Awerengereni mokweza m'Chinyanja: "Amai, ndalama ikupita kwa uje, nambala yake itha chakuti, ndi mametikali akuti, adula akuti. Ndidine kodi?" Iwo ndiwo adziwa munthuyo ndi mtengo umene anapangana, inu mudziwa zilembo. Aliyense payekha ali ndi theka la nzeru. Ndipo inu makolo, musachite manyazi kuimitsa mwana ndi kunena kuti, "Bwerezanso dzinalo." Kuona maso a nkhono nkudekha.

Dulani tsamba lino mulisunge pamodzi ndi makhadi a ku chipatala ndi a feteleza, kuti tsiku limene foni idzalankhula Chipwitikizi m'nyumba mwanu, mudzakhale ndi poyang'ana.